Achimwene, chithunzi ndatumiza kale, bwanji simukuchiona? Mafunso ndi mayankho

Mlongo wanga ali Sitandade 6 kumudzi, ine ndili m'tauni. Masamu akamuthina amabwereka foni ya amayi, n'kujambula tsamba la m'kope mwake, n'kunditumizira pa WhatsApp. Tsiku lina madzulo anandiimbira atakwiya ndithu, ati ndikumunyalanyaza, chithunzi watumiza kalekale koma ine sindikuyankha. Pa foni yanga panangofika mawu akuti "Achimwene ndithandizeni nambala 4", osati chithunzi. Tinakanganapo pang'ono, iye akuti chilipo, ine ndikuti palibe, ndipo tonse tinkanena zoona. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene iye anandifunsa tsiku limenelo ndi masiku otsatira. Ndawayankha monga ndinamuyankhira, kuti nawenso amene umapempha thandizo kwa aphunzitsi, azakhali kapena achemwali ako kudzera pa foni umvetse chimene chimachitika.

Ine chithunzicho ndikuchiona bwinobwino pa foni. Ndiye inu mukulephera bwanji kuchiona?

Chifukwa chimene ukuonacho ndi chako, chili m'foni imene uli nayo m'manja. Ine sindisuzumira m'foni yako ngati mmene munthu amasuzumira pawindo. Maso anga amaona zokhazo zimene zili pa foni yanga.

Ganizira zimene zimachitika m'kalasi. Aphunzitsi akalemba masamu pa bolodi, iwe umakopera m'kope mwako. Mnzako amene wajomba tsiku limenelo, m'kope mwake mumakhala mopanda kanthu, ngakhale pa bolodi palembedwa zodzaza. Kuti aone masamuwo, pafunika wina amukoperere kapena amubwereke kope. Kutumiza chithunzi n'chimodzimodzi. Foni yako imakopera chithunzicho, n'kutumiza chokoperacho, chenicheni chija n'kutsala kwa iwe.

Apa m'pamene ana ambiri, ndi akuluakulu omwe, amasokonezeka. Amayi akatumiza thumba la ufa pa basi, thumbalo limachoka pakhomo. Ukaliona likadali pakhonde, umadziwiratu kuti silinapite. Chithunzi sichitero ayi. Chipite, chisapite, iwe uzichionabe pa foni yako. Ukangodina kabatani kotumizira, WhatsApp imachiika pomwepo m'macheza anu, ngakhale chisanayambe n'komwe ulendo. Ndiye kuchiona kwakoko sikukutsimikizira kuti chafika kwa ine.

Nanga chithunzi chimayenda bwanji, poti palibe waya wochoka kuno kufika kwanuko?

Choyamba udziwe kuti foni imasunga chithunzi ngati manambala. Ukachikulitsa kwambiri ndi zala, mpaka malire, uona kuti chapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono ta makona anayi. Timadonthoti timatchedwa mapikiselo. Kadontho kalikonse foni imakakumbukira ndi manambala atatu: kufiira kwake, kubiriwira kwake ngati masamba, ndi mtundu wa buluu. Nambala iliyonse imakhala pakati pa 0 ndi 255. Zonse zitatu zikakhala 255, kadonthoko ndi koyera ngati pepala. Zonse zikakhala 0, ndi kakuda ngati makala.

Manambala amenewa ndiwo amayenda. Foni imawadula m'timagulu ting'onoting'ono, n'kuwatumiza mumlengalenga monga mmene mawu a wailesi amayendera, kupita ku nsanja ya netiweki imene ili pafupi, zija zazitali zachitsulo umaziona paphiri kapena pamsika. Kuchoka pamenepo amadutsa m'zida za kampani ya foni yanu, kaya ndi TNM kaya Airtel, mpaka kukafika pa makompyuta akuluakulu a WhatsApp otchedwa maseva. Maseva amenewa ndiwo depoti yathu. Katundu amayamba watsitsidwa pamenepo. Kenako foni yanga imapita kukamutenga, kudzera pa nsanja ya kuno kwathu, n'kusanja timadontho tija mwadongosolo mpaka tsamba la m'kope mwako lioneke.

Ndiye maulendo ndi awiri: kuchoka kwa iwe kupita ku seva, ndi kuchoka ku seva kubwera kwa ine. Ulendo uliwonse umafuna netiweki yake ndi bandulo yake. Umodzi ukalephereka, chithunzi sindichiona.

Koma mawu amene ndinalemba aja anafika. Bwanji chithunzi chokha n'chimene chinatsala?

Limeneli ndi funso labwino kuposa onse, ndipo yankho lake ndi masamu, ndiye tenga pensulo.

Kulemera kwa zinthu za m'foni timakuyeza ndi mabayiti. Chilembo chimodzi wamba, monga a kapena m, chimalemera bayiti imodzi. Mawu akuti "Ndatumiza chithunzi" ali ndi zilembo 18 ndi kampata kamodzi, zonse pamodzi 19. Ngakhale foni imawonjezerapo zina zosonyeza kumene uthengawo ukupita, umakhalabe wopepuka ngati nthenga ya nkhuku.

Tsopano chithunzi. Kamera ya foni imene pabokosi pake palembedwa 12 MP imajambula timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Chulukitsa: timadontho 12,000,000. Foni imapanikiza manambala onsewo kuti achepe, komabe chithunzicho chimatha kulemera 3 MB, kutanthauza mabayiti pafupifupi 3,000,000. WhatsApp nayonso imachichepetsa isanachitumize. Tinene kuti chatsika kufika 200 KB, amene ndi mabayiti pafupifupi 200,000. Gawa 200,000 ndi 19. Upeza kuti chithunzi chimodzicho chikulemera ngati mawu aja utawalemba maulendo oposa 10,000.

Mawu ali ngati kalata imene ungapatse munthu wa panjinga, aiika m'thumba la malaya n'kumapita. Chithunzi ndi matumba a chimanga odzaza ngolo. Mlatho ukakhala wa mitengo iwiri, wa panjinga awoloka koma ngolo iima tsidya lomwelo.

Mlathowo uuone pamwamba pa foni, pafupi ndi timizere ta netiweki. Pakalembedwa 4G, msewu ndi wotakata, ndipo chithunzi chimapita usanaphethire kawiri. Pakalembedwa 3G, H kapena H+, chimapitabe bwino. Pakalembedwa E, ndiye mlatho wa mitengo uja. Tinene kuti pa E pakudutsa 10 KB pa sekondi iliyonse. Chithunzi cha 200 KB chifuna masekondi 20, ndipo netiwekiyo isagwedezeke m'masekondi onsewo. Kunyumba kwathu, kumene netiweki imabwera n'kuchoka ngati mvula ya mawawa, masekondi 20 osadukiza ndi ovuta kuwapeza m'nyumba. Mawu amangofuna kamphindi kakang'ono n'kupulumukira pomwepo. N'zimene zinachitika tsiku lija.

Ndingadziwe bwanji kuti chafika popanda kukuimbirani?

Yang'ana pakona ya m'munsi ya chithunzicho, kudzanja lamanja, pafupi ndi pamene palembedwa nthawi. Pali kachizindikiro kakang'ono kamene anthu ambiri sakayang'ana, koma kamanena zonse.

Ukaona kawotchi, chithunzi sichinachoke m'foni yako. Katundu akadali pakhonde. Nthawi zambiri pakati pa chithunzicho pamakhalanso kamkombero kozungulira kokhala ndi X mkati, kusonyeza kuti foni ikuyesa kukweza. Ikalephera, pamabwera muvi woloza m'mwamba ndi mawu akuti Retry. Ukadina pamenepo imayesanso.

Ukaona tiki imodzi yotuwa, ngati ija amachonga aphunzitsi ukakhoza, chithunzi chafika ku seva koma sichinafike pa foni yanga. Ulendo wako watha, wanga sunayambe. Mwina foni yanga yazima chifukwa magetsi kulibe, mwina ndatseka deta, mwina bandulo yandithera. Pamenepa usatumizenso. Ukatumiza kasanu, ungotha bandulo ya amayi, ndipo ndikadzayatsa foni zithunzi zisanu zofanana zidzandigwera nthawi imodzi. Seva imasunga uthenga wosafika mpaka masiku 30, ikatero imaufafaniza.

Matiki awiri otuwa akutanthauza kuti uthenga wafika pa foni yanga, koma mwina foniyo ili m'thumba. Akasanduka a buluu, ndatsegula macheza athu. Dziwanso kuti anthu ena amazimitsa zimenezi, moti matiki awo sasanduka a buluu ngakhale atawerenga. Ndipo mukakhala pa gulu, monga la kalasi yanu, matiki awiri amabwera pokhapokha uthenga utafika kwa anthu onse a m'gululo, choncho tiki imodzi ya pagulu sikutanthauza kuti aphunzitsi sanalandire.

Tsiku lina matiki anali awiri, a buluu ndithu, koma munati simukuonabe. Simunkandinamiza?

Sindinkanama, ngakhale ndikumvetsa chifukwa chimene unandikayikira. Uthenga wa chithunzi umabwera m'magawo awiri. Choyamba chimafika ndi kachithunzi kopepuka, kosaoneka bwino, ngati ukuyang'ana pagalasi lochita nthunzi. Pakati pake pamakhala muvi woloza pansi ndi nambala yosonyeza kulemera, monga 200 kB. Kachithunzi kameneka kakafika, matiki ako amakhala awiri, ndipo ndikatsegula macheza amasanduka a buluu. Koma chithunzi chenicheni chikadali ku seva mpaka foni yanga itachitsitsa.

Pa kachithunzi kachimbuuzi kaja ndimatha kuona kuti ndi pepala loyera lokhala ndi mizere yakuda. Sindingathe kuwerenga nambala ngakhale imodzi. Zili ngati kondakitala wandiimbira kuti katundu wanu wafika pa depoti, ine n'kumva ndithu, koma ndilibe ya kabaza yokamutengera.

Zimene zimaletsa kutsitsa ndi zingapo. Yoyamba, imene imandigwera kawirikawiri mwezi ukapita kutali, ndi kutha kwa bandulo. Ina ndi kudzaza kwa foni: mavidiyo a kumaukwati ndi a kwaya akachuluka, chithunzi chatsopano chimasowa pokhala, ndipo foni imalemba kuti Download failed. Ngakhale tsiku ndi nthawi za pa foni zikasokonekera, monga zimachitikira batire ikachotsedwa pa mafoni ena, kutsitsa kumatha kukanika. Anthu ambirinso, ine ndemwe, timaletsa dala foni kutsitsa yokha zithunzi kuti bandulo isamathe ndi za m'magulu. Zimenezo zimasinthidwa mu Settings, pa Storage and data, pamene palembedwa Media auto-download. Munthu wotere amafunika adine yekha muvi uja.

Vuto limeneli ndi la mbali yanga. Iwe palibe chimene walakwitsa, ndipo kutumizanso sikungathandize.

Agogo ali ndi foni ya mabatani. Ndingawatumizire chithunzi pa uthenga wamba?

Ayi. Uthenga wamba uja wa SMS unapangidwira zilembo zokha, ndipo umodzi umanyamula zilembo 160 basi. Ukalemba zambiri, foni imaudula n'kukulipiritsa ngati mauthenga awiri kapena atatu. Chithunzi sichingakwanemo. Agogo uziwaimbira n'kuwafotokozera pakamwa.

Bwanji osangoganizira chimene chili pa chithunzicho? Pajatu inu masamu mumawadziwa, ndipo ndakuuzani kuti ndi nambala 4.

Kudziwa masamu sikundipatsa maso oonera patali. "Nambala 4" ilipo pa tsamba lililonse la buku lako, ndipo aphunzitsi ako akhoza kukhala kuti alemba yawoyawo pa bolodi imene sili m'buku lina lililonse.

Taona chimene chikanachitika tsiku lija ndikanalota. Pa foni unangondiuza kuti ndi funso la munda wa makona anayi, ndipo pali 12 ndi 7. Ine m'mutu mwanga ndinafulumira kuganiza kuti akufuna kukula kwa munda wonse, ndiye ndikanachulukitsa 12 ndi 7 n'kukuuza 84. Chonsecho funso linkafuna kutalika kwa mpanda wozungulira mundawo. Pamenepo timawonkhetsa mbali zonse zinayi: 12 + 7 + 12 + 7, yankho n'kukhala mamita 38. Manambala ndi omwewo, munda ndi womwewo, mayankho awiri osiyana kutalitali. Ukanapita ndi 84 m'kalasi, ukanalandira mtanda wofiira, ndipo choipa kwambiri, ukanaphunzira njira yolakwika uli ndi chikhulupiriro chonse poti anena ndi achimwene.

Kwa ine, wothandiza amene amati "sindikuchiona, tumizanso kapena undilembere" ndi wodalirika kuposa amene amachita manyazi n'kuyankha zongopeka. Ndiye munthu akakuuza kuti chithunzi sichinafike, usamuone ngati wakukaniza thandizo. Ndipo ukakayikira ngati wina akuonadi chithunzi chako, mufunse kanthu kamene sangakadziwe popanda kuona, monga "nambala imene ili pamwamba pa tsambali ndi chani?"

Ndiye chikakanirira pa kawotchi ndizichita chiyani?

Yamba wayang'ana pamwamba pa foni. Ngati pali kachizindikiro ka ndege, foni yatsekedwa ku netiweki, mwina mng'ono wako amaseweretsa, kazimitse. Onanso ngati deta ndi yoyatsa. Kenako funsa amayi ngati bandulo ilipo, chifukwa bandulo imatha m'njira ziwiri: ma MB kutha, kapena nthawi yake kukwana. Ya tsiku limodzi ikafika nthawi yake imapita ngakhale munali musanaigwiritse ntchito yonse.

Zonsezo zikakhala bwino, tuluka panja. Makoma a njerwa ndi denga la malata zimafooketsa netiweki. Pakhomo lililonse pamakhala malo ake odziwika, kwathu ndi pachulu cha kuseri kwa khola. Ukafika pamenepo dikira E asinthe kukhala H kapena 4G, dina Retry, ndipo uime pomwepo mpaka kawotchi kasanduke tiki. Mlongo wanga ankalakwitsa apa: ankadina n'kuthamangira m'nyumba nthawi yomweyo, kapena kuzimitsa deta msanga poopa kutha bandulo, chithunzi chili pakati pa ulendo.

Tumiza chimodzi chimodzi, osati zisanu pakamodzi. Usasankhe HD, kabatani kotumizira chithunzi chooneka bwino kwambiri, netiweki ikakhala yofooka, chifukwa imalemeretsa chithunzi. Ndipo usanadine kotumizira, dula chithunzicho kuti patsale funso lokhalo, osati mphasa, mapazi ako ndi mphaka. Chikachepa chimapepuka.

Kanthu kena kochititsa manyazi pang'ono: yang'ana dzina limene lili pamwamba pa macheza. Tsiku lina chithunzi cha masamu chinapita bwinobwino, matiki awiri a buluu, koma kwa amalume.

Nanga zikakanikiratu, homuweki n'kukhala ya mawa?

Lemba funsolo ndi mawu. Taona kale kuti mawu amawoloka pamene chithunzi chalephera, ndipo bandulo ikatheratu ukhoza kuwatumiza pa SMS kapena kundiwerengera pa foni.

Luso lake ndi kulemba ngati ukufotokozera munthu amene watsinzina. Usalembe kuti "ichi" kapena "apa", chifukwa chala chako sindikuchiona. Kopera mawu a funso onse monga alembedwera, ngakhale a Chingerezi amene sukuwamva, osadumpha ndi limodzi lomwe, pakuti nthawi zambiri liwu limene ukuliona ngati lopanda ntchito ndi limene lanyamula funso lonse. Ukatero fotokoza chojambulidwacho: chili ndi mbali zingati, nambala iliyonse yalembedwa mbali iti, ndipo pambali pa nambalayo pali m kapena cm.

Tsiku lija mlongo wanga analemba chonchi: "Ajambula munda wa makona anayi. Mbali yaitali alemba 12 m, yaifupi 7 m. Akufunsa kuti mpanda wozungulira munda wonse ukhala wautali bwanji." Zilembo zake sizinafike n'komwe 160. Uthengawo unafika nthawi yomweyo, pa E yemweyo, ali m'nyumba. Tinawerengera limodzi mbali zinayi zija mpaka anapeza 38 yekha. Chithunzi chija chinadzafika m'mawa mwake cha m'ma 6 koloko, amayi atapita ndi foni kumjigo.

Chithunzi chafika, mwachitsitsa, koma mukuti simukutha kuwerenga. Chalakwikanso n'chiyani?

Pamenepo ulendo wayenda bwino, koma katundu anapakidwa wowonongeka kale. Foni yanga singawonjezere zimene kamera yako sinagwire. Ngati 7 anatuluka ngati 1 pojambula, kwa ine afikanso ngati 1, ndipo ndikakulitsa ndimangoona timadontho tija tikukula, nambala osasintha.

Kujambula usiku ndi kuwala kwa tochi kapena koloboyi ndiko kumavutitsa kwambiri. Kukachita mdima kamera imatenga nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala, ndipo dzanja likangonjenjemera pang'ono zilembo zimapakana. Zolemba za pensulo ndiye zimasoweratu. Ngati n'kotheka jambula kukadali kowala, pakhonde, kope litagona pansi mosapindika. Pukuta kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa, poti foni ya amayi imakhala kukhitchini ndipo kamagwira mafuta. Imika foni pamwamba penipeni pa tsamba, osati chammbali, uonetsetse kuti mthunzi wa mutu wako sukugwera pa funso. Dina kamodzi pa zilembozo kuti kamera iziwongole, ugwire mpweya, kenako jambula.

Usanatumize, tsegula chithunzicho uchikulitse, uyese kuwerenga nambala iliyonse kope litatsekedwa. Nambala imene iweyo ukuikayikira, ijambulenso.